M'malo mwa "per my last email", mupatseninso munthu zimene wafunsa

Ambirife amene tinaphunzira kalembedwe ka kalata kusukulu za kumudzi tinakula tikudziwa kuti kalata yaulemu imayamba ndi mawu ngati "With reference to my letter" kapena "As per our discussion". Makalata a m'maofesi a boma kwathu amalembedwa choncho mpaka lero, ndipo palibe amene amaona cholakwika. N'chifukwa chake Mmalawi akafika ku Britain n'kuyamba ntchito, amalemba "per my last email" ndi mtima woyera, akuganiza kuti wasonyeza ulemu. Koma amene akuwerengayo amamva zina. Kwa iye mawuwa akutanthauza kuti, ndinakuuzani kale, kodi simuwerenga? M'maofesi a kuno ndi a ku America mawuwa anatchuka ngati mawu a munthu amene wapsa mtima koma akudzigwira.

Ine zinandionekera m'chaka changa choyamba pa nyumba ina yosamalira okalamba. Ndinalembera manijala wathu pa 2 Juni kupempha tchuthi cha masabata atatu, kuyambira pa 3 mpaka pa 21 Ogasiti, kuti ndikaone mayi kumudzi. Patatha sabata anandiyankha ndi mzere umodzi, kufunsa masiku amene ndikufuna. Masikuwo anali kale m'imelo yoyamba ija. Ndinayankha kuti "As per my last email, the dates are stated below." Manijalayo, mayi amene ankayamba uthenga uliwonse ndi moni komanso dzina langa, anangobweza liwu limodzi, "Noted." Mawa lake pa shifiti anandipatsa moni wa pakamwa chabe, maso ali pa pepala. Mnzanga wa ku Zimbabwe amene wakhala kuno zaka zambiri ndi amene anandikokera pambali n'kundifotokozera chimene ndinachita.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti vuto silili m'mawu anayiwo okha. Vuto ndi loti mwamubweza munthu kuti akafufuze yekha chinthu chimene mukanatha kungomupatsa. Zili ngati mlendo wapempha madzi akumwa, inu n'kumuuza kuti ndinakusonyezani kale pamene pali mtsuko. Choncho kungosintha mawu n'kulemba "as I mentioned before" kapena "as previously stated" sikuthandiza. Ndi mbama yomweyo.

Njira yabwino ndi kubwereza zimene akufunazo, zonse, pamwamba penipeni pa uthenga, ngati kuti n'koyamba. Imelo yanga ija ndikanailemba chonchi, nditayamba ndi "Hi" ndi dzina lake:

"Thanks for getting back to me. Here are the dates again so you have them to hand: 3 to 21 August, 15 working days. Could you let me know by Friday 12 June? I'd like to book my flight before the fares go up."

Taonani zimene zachitika pamenepa. Mwamuthokoza chifukwa choyankha. Liwu loti "again" likusonyeza kuti masikuwo munawatumizapo kale, koma simunamuloze chala. Mawu oti "so you have them to hand" akunena kuti mwabwereza pofuna kumupeputsira ntchito. Kenaka mwapempha chinthu chimodzi, mwaika tsiku, ndipo mwapereka chifukwa chomveka, chifukwa aliyense amadziwa kuti tikiti ya ndege imakwera mtengo munthu akachedwa kugula. Manijala amene ali ndi rota ya anthu 30 m'mutu angathe kuyankha uthenga wotere pa foni ali chiimire m'khonde, osatsegula imelo ina iliyonse.

Nthawi zina munthu sanafunsenso kanthu, wangokhala chete. Apa yankhani pa ulusi womwewo wa imelo kuti uthenga woyamba uzioneka pansi, ndipo yambani ndi mawu omupatsa potulukira. "Just bringing this back to the top of your inbox" amagwira bwino ntchito, chimodzimodzinso "In case this got buried, I know it's been a busy week." Mawuwa amaika mlandu pa kuchuluka kwa maimelo, osati pa munthuyo. Koma musalekere pomwepo. Bwerezani pempholo mu mzere umodzi, kuti asachite kutsikira pansi kukafufuza chimene mukunena. Pa nkhani wamba dikirani masiku atatu kapena anayi a ntchito musanakumbutse. Kukumbutsa mawa lake lomwe kumaoneka ngati mukumuthamangitsa.

Pali mawu awiri amene ife timawakonda kwambiri koma kuno amamveka mosiyana. Loyamba ndi "kindly". Kwathu ndi liwu lofewa, koma "kindly respond" kwa Mngelezi amamveka ngati kalata ya ngongole. Lembani "could you" kapena "would you mind". Enawo ndi "gentle reminder", amene anthu anawagwiritsa ntchito mpaka anatha kufewa, moti ambiri akawaona amadziwa kuti wolembayo watopa nawo. Mbali inayi, musagwade mopitirira. Kupepesa katatu m'uthenga umodzi, "so sorry to bother you" uku ndi uku, kumachititsa kuti pempho lanu lioneke ngati losafunika kwenikweni, ndipo limakankhidwiranso pansi. Tchuthi si mphatso imene bwana amapereka mwa chifundo. Ku Britain wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi ufulu wa masiku 28 a tchuthi cholipidwa pa chaka, choncho pemphani mwaulemu koma mutu uli m'mwamba.

Ndinene mosabisa kuti pali nthawi imene mufunikadi kusonyeza kuti munalemba kale, ndipo kufewa kusakulandeni umboni. Lamulo la kuno limati, ngati mgwirizano wanu wa ntchito sunena zina, mudziwitse abwana nthawi yotalika kawiri kuposa tchuthi chimene mukupempha. Pa masiku 15 ndiye kuti masiku osachepera 30. Ngati wina angadzanene kuti munapempha mochedwa, tsiku la imelo yoyamba ndi limene lidzakuwomboleni. Ndiye tchulani tsikulo ngati nkhani wamba: "I sent my leave request on 2 June and wanted to check where it stands." Tsiku lalowa m'kaundula, koma palibe amene wadzudzulidwa. Zomwezo zimathandiza pa nkhani ya malipiro operewera kapena maola owonjezera amene sanawerengedwe.

Chenjerani ndi bokosi la Cc. Mukhoza kulemba mawu okoma ngati uchi, koma mukaikamo bwana wamkulu pa chikumbutso choyamba, munthuyo amaona kuti mwakamuneneza. Sungani zimenezo pamene njira zina zalephera, ndipo muuzeni kaye kuti mutero.

Mukakumbutsa kawiri popanda yankho, imelo yachitatu siithandiza. Mupezeni maso ndi maso pa nthawi yopatsirana shifiti kapena muimbireni foni, mufunse ngati angakupatseni mphindi ziwiri. Mukagwirizana, tumizani mzere umodzi tsiku lomwelo: "Thanks for the chat earlier. Just confirming my leave is approved for 3 to 21 August." Ine ndinachita zimenezi ndi manijala uja. Ndinagogoda pa ofesi yake, n'kumuuza kuti kwathu mawu aja ndi aulemu ndipo sindinadziwe mmene amamvekera kuno. Anatsegula rota pomwepo, n'kulemba masiku anga ndili chiimire, ndipo tikiti ya ku Lilongwe ndinagula usiku womwewo.