Lamba wa nthawi atayamba kung'aluka

Toyota Hiace yanga ya dizilo, yomwe imanyamula nsomba kuchokera ku Senga Bay, inayamba kulira modabwitsa kutsogolo kwa injini. Titachotsa chivundikiro chapulasitiki tinapeza kuti lamba wa nthawi wang'aluka m'munsi mwa mano, ndiponso wanyowa ndi oyilo wodontha pa silo ya kamshafti, kamphira kotchinga oyilo kuti asatuluke.

Lambayu amalumikiza kirankishafti, chitsulo chomwe mapisitoni amazunguza, ndi kamshafti, chitsulo chokankha mavavu olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi, kuti mavavuwo azitseguka pa nthawi yake. Injini zina zili ndi tcheni chachitsulo chomwe chimasambira mu oyilo ndipo chimakhalitsa. Chikatamuka chimachita phokoso polizitsa m'mawa, pamene lamba nthawi zambiri amangoduka osachenjeza. Choopsa n'chakuti mu injini ngati yangayi pisitoni ndi mavavu zimafika pamalo amodzi mosinthana, choncho lamba akaduka pisitoni imawomba mavavu otseguka n'kuwapinda.

Tinasintha lamba, silo ndi kagudumu komukokera, chifukwa oyilo akanaononganso lamba watsopanoyo. Tisanalize injini, makaniko anaizunguza ndi sipanala kawiri kuti aone ngati zizindikiro za pa magudumu zabwereranso pamalo pake.