Momwe mungapemphere kalata yotsimikizira kuti munalipira, pofunsira viza kapena ngongole

Ofesi ya kazembe kapena banki yobwereketsa ndalama ikakuuzani kuti mubweretse umboni woti munalipira, musangodalira sitetimenti ya ku banki kwanu. Sitetimenti imangoonetsa kuti ndalama zinatuluka mu akaunti yanu. Zoti zinafika, komanso kuti zinali za chiyani, angazitsimikize ndi amene anazilandira. Ndiye kalatayi muipemphe kwa iyeyo.

Tiyerekeze kuti mwatumiza madola 3,000 kusukulu ya kunja ngati gawo la fizi, ndipo tsopano mukufuna viza ya maphunziro.

Yambani ndi kuwerenga mndandanda wa zofunika umene ofesi ya kazembeyo inatulutsa. Muone chilankhulo chimene akufuna, ngati amalandira kalata yotumizidwa pa imelo kapena amafuna yosayinidwa ndi cholembera, komanso ngati anaika malire a masiku amene kalatayo ingakhale italembedwa. Mukapanda kuona izi msanga, mudzapempha kawiri.

Kenako pitani ku banki yanu mukatenge chikalata cha kutumiza kwa ndalamazo. Ndalama zikadutsa pa SWIFT, njira imene mabanki amagwiritsa ntchito potumiza ndalama kunja kwa dziko, ogwira ntchito ku banki amachidziwa chikalatachi ndi dzina loti MT103. Chimaonetsa wotumiza, wolandira, tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala yolondolera malipirowo. Nambala imeneyi ndi imene imathandiza a kusukulu kupeza ndalama zanu pakati pa za ophunzira ena ambirimbiri.

Tsopano lemberani ofesi ya zachuma ya sukuluyo, osati mphunzitsi kapena munthu amene anakuthandizani kupeza malo. Dikirani kaye masiku angapo a ntchito kuti ndalamazo zifike, chifukwa sangatsimikize zimene sanazione. Pempholo likhale lalifupi, mwachitsanzo: "Ndikupempha kalata yotsimikizira kuti munalandira madola 3,000 amene ndinatumiza pa 12 Malichi ngati gawo la fizi. Ndikuifuna pofunsira viza, ndipo ndiyenera kuipereka pasanafike pa 10 Epulo." Ikanipo nambala yanu ya wophunzira, chikalata cha ku banki chija ndi tsamba la pasipoti limene lili ndi dzina lanu.

Auzeni momveka zimene kalatayo iyenera kukhala nazo, poti ena amangolemba mzere umodzi woti "analipira". Ikhale papepala la sukulu lokhala ndi chizindikiro ndi adiresi yawo. Itchule dzina lanu lonse monga lilili mu pasipoti, ndalama zimene analandira ndi mtundu wake, tsiku limene zinafika, chimene munalipira ndi zimene zatsala. Pansi pakhale dzina ndi udindo wa wosayina, ndi foni kapena imelo ya ofesiyo, chifukwa woona mapepala anu angafune kufunsa yekha.

Ikabwera, iikeni pambali pa sitetimenti ndi pasipoti, muyerekeze mzere ndi mzere. Vuto limene ndikufuna mulisamale kwambiri lili pa chiwerengero cha ndalama. Inu munatumiza 3,000, koma kalata ikunena kuti analandira 2,970. Kawirikawiri palibe amene waba: mabanki amene ndalamazo zinadutsamo amadulako malipiro awo. Yang'anani pa MT103 paja. Ngati palembedwa SHA kapena BEN, malipirowo atha kuchotsedwa pa ndalama zimene munatumiza. Ngati palembedwa OUR, wotumiza ndiye amayenera kulipira zonsezo payekha. Koma woona mapepala a viza amangoona manambala awiri osiyana, ndipo ngati 3,000 ndiyo inkafunika, ndiye kuti simunakwanitse. Lipirani madola 30 otsalawo posankha OUR kuti asadulidwenso, kenako mupemphe kalata yatsopano yotchula malipiro onse awiri ndi masiku ake.

Ngati anakulipirirani ndi kholo kapena m'bale, sitetimenti idzaonetsa dzina lake osati lanu. Pemphani kuti kalatayo inene kuti ndalama zinachokera kwa uje polipirira inu, ndipo wolipirayo alembe kalata yake yovomereza zimenezo.

Dzina likalakwika ngakhale chilembo chimodzi, ibwezeni akonze okha. Chonde musasinthe chilichonse pa PDF imene akutumizirani, ngakhale zimene mukukonzazo zikhale zoona. Kalata yosinthidwa amatha kuitenga ngati yachinyengo, ndipo zimenezo zingakukanitseni viza ino ndi kukuvutitsani pa ina ya m'tsogolo.

Pa ngongole njira ndi yomweyi, koma pali mawu amodzi ofunika kuwaumirira. Ngati mukufuna kuonetsa kuti munamaliza kubweza ngongole yakale, kalata yongonena kuti munapereka ndalama zakutizakuti siikwanira. Inene nambala ya ngongoleyo, tsiku limene munamaliza, ndi kuti palibe chotsala, kuphatikizapo chiwongoladzanja ndi zilango. Musanalipire komaliza, funsani wobwereketsayo chiwerengero chenicheni chotsekera ngongole pa tsiku limene mulipire, chifukwa pa ngongole zambiri chiwongoladzanja chimawonjezeka tsiku ndi tsiku, ndipo kandalama kochepa kotsalira kangawalepheretse kukulemberani kuti mwamaliza.