Nsima ikayamba kuima pachifuwa, musangofewetsa chakudya

Pamsonkhano wa zaumoyo ndikafunsa kuti ndani akudziwa munthu amene akuvutika kumeza, anthu amangoyang'anana. Ndikasintha funso n'kunena kuti, "Ndani ali ndi m'bale wake amene anasiya nsima, masiku ano akungodya phala?" manja amakwera. Vutoli limabisala mmenemo. Mwini wake sanena kuti akudwala, amangoti nsima yamukola, ndipo apabanja, chifukwa chomukonda, amayamba kumuphikira zofewa. Pakutha pa miyezi inayi kapena isanu m'pamene onse amazindikira kuti si kukola ayi.

Tiyambe ndi njira imene chakudya chimadutsa. Kuchokera kukhosi kukafika m'chifu pali mpita umene timautcha mmero. Kwa munthu wamkulu ndi wautali pafupifupi masentimita 25, ndipo umadutsa kuseri kwa kholingo ndi mtima. Mpita umenewu umatanuka, n'chifukwa chake mbamu yaikulu imatsika bwinobwino. Ukayamba kuchepa, munthu samva kanthu msanga. Kawirikawiri chakudya cholimba chimayamba kuima mpitawo utachepa kufika pa mamilimita 13 kapena kucheperapo, ndiye kuti munthu akamayamba kudandaula, chimene chikutseka njiracho chinayamba kale. Apa m'pamene pali chifukwa chimene sitiyenera kudikira kuti tione.

Taonani mmene zimayendera. Bambo wina wa zaka za m'ma 50, mlimi wosuta fodya wopichira, anayamba mu Epulo kumva nyama ikuima pakati pa chifuwa. Ankamwera madzi n'kutsika. Mu Meyi mbatata ndi chinangwa zinayamba kuchita chimodzimodzi, iye n'kumati n'zouma. Mu Juni anayamba kutema timbamu ting'onoting'ono n'kumativiika kwambiri mu msuzi, ndipo ankatsala yekha pa mphasa anzake atasamba kale m'manja. Mayi a kunyumba anayamba kumuphikira nsima yofewa, kenako phala. Pofika Ogasiti phala lomwe linkabwerera kukamwa patangopita mphindi zochepa, losawawasa, lili mmene analimezera. Lamba anali ataboola mabowo awiri atsopano. Nthawi yonseyi ankagula mankhwala a zilonda za m'mimba pa okala, ndipo anapitanso kwa asing'anga chifukwa ena ankati anadyetsedwa.

Mu nkhani imeneyi muli zizindikiro zitatu zimene ndikufuna muzisunge. Choyamba ndi ndondomeko yake: zolimba zinayamba, zofewa n'kutsatira, zamadzimadzi pomaliza. Chachiwiri, vutolo silinkabwerera m'mbuyo, mwezi uliwonse linkaposa mwezi watha. Chachitatu ndi kuonda. Zitatuzi zikakumana mwa munthu amene wapitirira zaka 40, achipatala amayamba aganizira khansa ya kummero mpaka atatsimikiza kuti si imeneyo. Sikuti tikuopseza. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo kuno imagwira amuna ndi akazi omwe, nthawi zina ngakhale a zaka za m'ma 30.

Kubweza kwa bambo uja kumasiyana ndi kusanza, ndipo ndi bwino kudziwa kusiyanako pokafotokoza kuchipatala. Wosanza amayamba wachita mseru, m'mimba mumakoka, ndipo zotulukazo zimawawasa chifukwa zinafika m'chifu. Wobweza alibe mseru. Chakudya chimangokwera chokha pamodzi ndi malovu ambiri onanda, popeza sichinafike n'komwe m'chifumo.

Si aliyense wovutika kumeza amene ali ndi khansa, ndipo zina mwa zoyambitsa zimachizika msanga ndithu. Chimene timachiona kawirikawiri ndi mafangayi a kummero mwa anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika, makamaka amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi koma sanayambe mankhwala kapena anawasiya. Kusiyana kwake n'kwakuti munthuyu amadandaula za ululu kuposa kuima kwa chakudya. Ngakhale madzi amamupweteka akamatsika kuseri kwa fupa la pachifuwa. Muuzeni atsegule pakamwa poyera: nthawi zambiri mudzaona zoyera ngati chambiko palilime, m'masaya kapena kunkhama. Mankhwala ake ndi fulukonazo, amene amamwedwa kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo munthu amayamba kupeza bwino pasanathe sabata. Ngati sabata yatha popanda kusintha, abwerere kuchipatala osadikira kuti mapiritsi athe. Woteroyo ayezetsenso magazi ngati sakudziwa mmene alili.

China ndi chilungulira cha zaka zambiri. Asidi wa m'chifu akamakwera tsiku ndi tsiku amawotcha kumunsi kwa mmero, pamabwera chipsera, njira n'kuchepa. Apa vuto limakula pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo munthu saonda kwenikweni. Chipsera chotere chimabweranso mwa amene anamwapo mwangozi soda wopangira sopo kapena asidi wa batire, ndipo chimaonekera patapita masabata angapo ngoziyo itachitika. Koma ndisabise: pakhomo palibe njira yosiyanitsira chipsera ndi chotupa. Zonse ziwiri zimaimitsa nsima pamalo amodzimodzi.

Mapiritsi nawo amatha kuwotcha mmero. Dokisisayikilini ndi wodziwika pa zimenezi. Munthu amameza kapisozi ndi malovu okha n'kugona, kapisoziyo n'kukanirira panjira, m'mawa ululu woopsa pomeza. Mapiritsi amafuna kapu yodzaza ya madzi, ndipo musagone pasanathe theka la ola.

Pali gulu lina limene vuto silili pachifuwa koma pakhosi penipeni, poyambira kumeza. Munthu amatsamwa, amatsokomola akangomwa madzi, nthawi zina madziwo amatulukira m'mphuno, mawu amamveka ngati muli madzi kukhosi. Kwa ameneyu madzi ndiwo amavuta kuposa phala lolimbako. Izi zimachokera ku minyewa, kawirikawiri pambuyo pa sitiroko. Zikabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kupindika kwa pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena kulephera kulankhula bwino, musamupatse chakumwa chilichonse, thamangirani naye kuchipatala.

Tsiku lomwelo, osati mawa, apitenso munthu amene chakudya chamuimiratu moti akulephera kumeza ngakhale malovu ake, amene munga wa nsomba kapena fupa lamubaya ndipo ululu ukukulirakulira kapena watentha thupi, komanso amene akusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula. Chizolowezi chokankhira fupa ndi mbamu yaikulu ya nsima chisiyeni, chifukwa fupalo likhoza kuboola mmero. Mwana akameza kabatire kozungulira ka mu wotchi, n'kwa changu kuposa zonse, pakuti kamawotcha mmero m'maola ochepa chabe. Ndipo kulemera pachifuwa kumene kumabwera munthu akamakwera chitunda kapena kulima, limodzi ndi thukuta ndi phuma, popanda kukhudzana ndi kudya, kungakhale kwa mtima.

Tsono ngati si zadzidzidzi, muchite chiyani? Vuto lomeza likatha masabata awiri, kapena likamabwerezabwereza, pitani kuchipatala chapafupi ndi kabuku kanu. Musananyamuke khalani pansi ndi wodwalayo, mukumbutsane kuti chinayamba kuima n'chiyani ndipo unali mwezi uti, lero akutha kumeza chiyani, komanso ngati waonda. Mukafika musanene kuti "m'mimba mukupweteka" kapena "ndili ndi chilungulira" basi, chifukwa mawu amenewo amatsogolera ku mankhwala a zilonda za m'mimba. Nenani mmene zilili: "Nsima ikuima apa, poyamba inali nyama yokha, tsopano ndi phala lomwe, ndipo ndaonda." Pemphani kuti akukwezeni pa sikelo, makilogalamuwo alembedwe m'kabuku. Munthu amene anali ndi makilogalamu 60 n'kutsika kufika pa 54 m'miyezi yochepa wataya gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake, ndipo nambala yotero ikalembedwa imathandiza kuti atumizidwe msanga.

Kuyeza kumene kumapereka yankho ndi endosikopi. Dokotala amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera pakamwa, n'kuona mmero wonse, ndipo akapeza chokayikitsa amatapako kachidutswa kukayeza. Munthu amauzidwa kuti asadye kwa maola angapo, pakhosi amapoperapo mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo kuyezako kumatenga mphindi zochepa. Zimenezi zimachitika ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, choncho mudzafunika kalata yochokera ku chipatala cha m'boma lanu. Ngati mwapatsidwa mankhwala kuti muyesere kaye, funsani tsiku lobwerera. Mankhwala ochepetsa asidi amatha kuziziritsa kutentha kwa pachifuwa pamene chotupa chikukulabe, ndiye kupezako bwino pang'ono kusakunamizeni ngati nsima ikuimabe.

Ena amati kupita n'kungotaya ndalama ya thiransipoti popeza khansa sichira. Choyamba, mwina si khansa. Chipsera amachitanula, mafangayi amatha. Chachiwiri, ngakhale chitakhala chotupa chimene chapitirira, madokotala amatha kuika kachubu kotchedwa sitenti kamene kamatsegula njira, munthu n'kuyambanso kumeza zofewa. Amene wafika akadali ndi mphamvu ali ndi mwayi wosankha chithandizo kuposa amene wafika atanyamulidwa.

Podikira tsiku la kuchipatala, wodwala azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono koma kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku, ndipo asagone atangotha kudya. Phala la ufa woyera lokhalokha silingamusunge. Thiranimo nsinjiro zosefa bwino, dzira, mkaka kapena supuni ya mafuta ophikira, kapena phikani likuni phala. Mapeyala ndi nthochi zakupsa zofinya zimatsika bwino. Nyama ya mitsempha, buledi wofewa amene amaumbika, ndi zotsalira za malalanje zimakonda kutseka.

Mawu pang'ono kwa inu amene mukumeza bwino. Fodya ndi mowa waukali monga kachasu ndizo zodziwika kwambiri poyambitsa khansa ya kummero, ndipo zikaphatikizana chiopsezo chimakula kuposa chilichonse pachokha. Mu 2016 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse inanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zingathe kuyambitsa khansa imeneyi. Ife tilibe choyezera kutentha pakhomo, koma ngati tiyi kapena phala likukukakamizani kuuzira ndi kupsontha pang'onopang'ono kuti lisakuwotcheni milomo, liikeni pansi lizizire kaye mphindi zingapo.