Uthenga ukathera panjira: ndi netiweki kapena mwiniwake wabweza mawu?

Abale anga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene muli ku Joni, musamavomere msanga mawu akuti "netiweki inavuta." Uthenga wolembedwa pa WhatsApp umayenda wathunthu: umafika wonse kapena sufika n'komwe. Netiweki ikasowa umachedwa, ndipo wotumiza amaona kawotchi pambali pake, koma sudulidwa pakati. Uthenga wa mawu nawonso umatumizidwa wonse monga unajambulidwira, kotero ukathera panjira ndiye kuti kujambulako kunaima m'manja mwa mwiniwake.

SMS ndiyo imadukadi. Imodzi imanyamula zilembo 160, ndipo yaitali imagawidwa m'zigawo za zilembo 153. Mukakhala chilembo ngati ŵ kapena kachithunzi ka nkhope, chigawo chimatsika kufika pa 67. Chigawo chachiwiri chikasochera, mumalandira choyamba chokha. Werengani zilembozo pamodzi ndi mipata. Ngati zathera pa 153 kapena 67, makamaka pakati pa liwu, vuto ndi la netiweki. Ngati zathera pa 40, musanamizire mlongoti.

Ine ndinapatsa mkhalapakati wina ndalama zoti andigulire malo ku Bangula. Tsiku lina anandilembera pa WhatsApp kuti, "Bwana, za malo aja, amfumu anena kuti" ndipo anathera pomwepo. Ndinafunsa nthawi yomweyo kuti anena chiyani. Funso langa linaonetsa zizindikiro ziwiri, kutanthauza kuti linafika pafoni yake, kenako zinasanduka zabuluu. Pamwamba panaoneka kuti akulemba, kenako anasiya, anayambanso, n'kusiyanso. Foni yopanda netiweki singakuonetseni zimenezo, chifukwa chizindikiro choti munthu akulemba chimadzera pa netiweki yomweyo.

Atatulukira ananena kuti magetsi anazima chigawo chonse. Kwathu kuchigwa amazimadi, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga ku Kapichira mu Januwale 2022, n'chifukwa chake bodza limeneli limagwira anthu ambiri. Koma tsiku limenelo mlongo wanga wa ku Bangula komweko anali kundiyankha bwinobwino. Malowo anali atagulitsidwa kale kwa munthu wina, ndipo mkuluyo anayamba kuulula, n'kubweza mawu.

Pali chifukwa chachitatu, ndipo musachiiwale n'kuyamba kutukwana mayi anu osalakwa: chala chimatha kugunda potumizira munthu asanamalize, kapena kuterereka akujambula mawu. Woteroyo amapitiriza m'mphindi zochepa. Batire ikamuthera, funso lanu limakhala ndi chizindikiro chimodzi mpaka atayatsanso foni.

Choncho yankhani pomwepo, jambulani chithunzi cha uthengawo asanaufufute kapena kuusintha, ndipo funsani wachibale wa dera lomwelo ngati TNM kapena Airtel ikugwira. Musatumize ndalama ina iliyonse kufikira munthuyo atamaliza chiganizo chake molemba, osati pakamwa.