Kuyang'ana chidole cha mabatire musanagule

"Ndikufuna kugulira mwana wa mchemwali wanga, wazaka 7, chidole chowala. Ndiyang'ane chiyani?"

Yambani mwachitembenuza, mayi. Chitseko cha batire chikhale chomanga ndi sikuluwu. Ngati chikutseguka ndi chikhadabo chokha, chisiyeni pomwepo. Kenako werengani batirelo. La CR2032, lozungulira ngati kandalama kachitsulo, ndi lalikulu mamilimita 20, ndipo likakakamira pakhosi limawotcha mnofu m'maola awiri okha, ngakhale litafooka kale.

Mukatero chigwedezeni. Timaginito tolimba tikamagubuduka m'kati, ine sindigula. Mwana akameza tiwiri, timakokana m'matumbo n'kuwaboola.

Ganiziraninso za mng'ono wake wokwawa, poti chidole sichikhala ndi mwini mmodzi pakhomo. Mpira ulibe mantha amenewa.

Mukaganiza kuti mwana wameza batire kapena timaginito, thamangirani naye kuchipatala, musamusanzitse.