Momwe mungamasulire m'Chichewa ndondomeko yotseka magetsi ndi loko amisiri asanagwire bolodi

Ndondomeko zotseka magetsi ndi loko ndi kupachika chikwangwani, zimene makampani ambiri kuno kwathu amagwiritsa ntchito, zimabwera m'Chingerezi kuchokera ku South Africa, Britain kapena America, pamene amisiri amene amatsegula mabolodi amakambirana m'Chichewa. Ndamasulirapo mapepala oterewa, ndipo chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti chiganizo chilichonse chiyenera kuuza mmisiri chochita ndi manja ake, moti ngakhale atatopa asachimve mwanjira ziwiri.

Choyamba, musayambe kulemba musanaione bolodi yeniyeniyo. Pemphani kapitawo wa zamagetsi akuyendetseni, akusonyezeni kumene magetsi amalowera, ndipo muwerenge njira zonse zimene zingabweretse moto mu bolodiyo. Pepala lochokera kunja kawirikawiri limalembedwa ngati kuti gwero ndi limodzi, koma kuno pamalo amodzi mumapeza a ESCOM, jenereta, ndiponso inveta ya sola yokhala ndi mabatire. Onaninso manambala. Pepala la ku America limatchula 120 V kapena 480 V, pamene kwathu ndi 230 V pa feizi imodzi ndi 400 V pa mafeizi atatu. Womasulira sasintha yekha zimenezi. Amazilemba padera n'kuzipereka kwa injiniya wa pamalopo kuti akonze pepala la Chingerezi kaye, kenaka kumasulira kuyambe.

Chachiwiri, sankhani mawu amene simudzawasintha mpaka pamapeto. Loko akhale loko, buleka akhale buleka, nyutulo ndi efi, amene ndi waya wopita m'nthaka, zikhale momwe amisiri amazitchulira, chifukwa mawu opeka, ngakhale akhale okoma m'kamwa, palibe amawadziwa pa bolodi. Zolembedwa pa zipangizo, monga ON, OFF, L1 kapena DB2, zisiyeni momwe zilili kuti zifanane ndi zimene maso akuona. Samalani kwambiri ndi mitundu ya mawaya. M'kalumikizidwe kakale ka Chingerezi, mafeizi ndi ofiira, achikasu ndi abuluu, nyutulo ndi wakuda. M'katsopano, kamene ku Britain kanayamba mu 2004, mafeizi ndi abulauni, akuda ndi otuwa, nyutulo ndi wabuluu. Motero waya wakuda kapena wabuluu akhoza kukhala nyutulo mu bolodi ina n'kukhala wamoto mu ina, ndipo n'chifukwa chake mtundu suyenera kulembedwa wokha popanda dzina la wayayo.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ntchito inandivutapo, ndi mneni wakuti kuzimitsa. Pepala la Chingerezi limasiyanitsa zinthu zitatu: kuimitsa makina pa batani lake, kudula bolodi ku gwero la magetsi, ndi kutsimikiza ndi tesita kuti moto mulibe. M'kuyankhula kwathu zonsezi zimalowa m'mawu amodzi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti timanenanso kuti magetsi azima tikamanena za kuthima kwa dera lonse. Pa fakitale ina yopera ufa, mzere wotsimikiza unalembedwa kuti "onetsetsani kuti magetsi azima". Tsiku loyesera ndondomekoyo linali lopanda magetsi m'deramo. Mmisiri anawerenga mzerewo, anayang'ana babu la kudenga, anaona kuti silikuyaka, n'kuchonga pa pepala, kenaka anatambasula dzanja kuti amasule chivundikiro cha bolodi yotchedwa DB2. Kapitawo anamugwira mkono, ndipo tisanamalize kukambirana, jenereta inalira kuseri kwa nyumba, timagetsi tofiira ta pa bolodi n'kuyaka. Mnyamatayo sanalakwitse kuwerenga, pakuti anachita ndendende zimene chiganizocho chinanena.

Tinakonza pogawa mzere umodziwo kukhala mizere ingapo, uliwonse ndi mneni wakewake. Woyamba unati mmisiri aimitse makina onse amene amadya ku DB2. Wachiwiri unati apite ku bolodi yaikulu, atsitse buleka yolembedwa DB2 ifike pa OFF, aikepo loko wake, kiyi aike m'thumba mwake. Tinalemba dala kuti loko aikidwe ku bolodi yaikulu, chifukwa munthu akatsitsa swichi yaikulu ya DB2 yeniyeniyo, mawaya olowera pamwamba pa swichiyo amakhalabe ndi moto, pafupi kwambiri ndi pamene zala zikugwira. Tinaonjeza chenjezo la zilembo zazikulu lakuti kuthima kwa magetsi m'dera si kudula, popeza akhoza kubwerera kapena jenereta ikhoza kuyaka nthawi iliyonse popanda wochenjeza.

Mzere wotsimikiza ndi umene tinautalikitsa kwambiri. Mmisiri ayese tesita yake ya nsonga ziwiri pamalo odziwika kuti pali moto kapena pa kachipangizo koyesera tesita, kenaka ayeze bolodi, atamaliza ayesenso tesitayo, chifukwa tesita yofa nayonso imaonetsa ngati moto mulibe. Pa mafeizi atatu miyeso ndi 10, ndipo tinailemba yonse ndi bokosi lochongamo: L1 ndi L2, L1 ndi L3, L2 ndi L3, kenaka feizi iliyonse ndi nyutulo, feizi iliyonse ndi efi, pomaliza nyutulo ndi efi. Mukalemba mongodula kuti ayeze mawaya onse, ambiri amagunda katatu n'kusiya. Tinalembanso momveka kuti kasikuludiraiva kowala kamene amagulitsa pamsika si tesita yotsimikizira. N'kotchipa ndipo aliyense ali nako m'thumba, koma padzuwa kuwala kwake sikuoneka bwino, komanso kamadalira thupi la munthu kuti kayake.

Chachinayi ndi chikwangwani. Malo ndi ochepa, choncho lembani lamulo lolunjika: "MUSAYATSE, ANTHU AKUGWIRA NTCHITO", m'munsi mwake dzina la mwini loko, tsiku ndi nambala ya foni. Mawu aulemu monga "chonde" asiyeni, ndipo paliponse pamene Chingerezi chikulamula lembani "ayenera" kapena "n'zoletsedwa", osati "ndi bwino". Onetsani poyera kuti chikwangwani chimangochenjeza, chimene chimatseka ndi loko. Pa za maloko, uzani ogula katundu kuti asatengeke ndi amitengo yotsika ogulitsidwa m'paketi, chifukwa ndinaonapo kiyi mmodzi akutsegula maloko angapo a m'paketi imodzi, zimene zimapha lamulo lonse lakuti munthu aliyense akhale ndi loko ndi kiyi wakewake. Ngati ogwira ntchito ali angapo, pepala linene kuti aliyense apachike loko wake pa chitsulo chamabowo ambiri chopachikapo maloko angapo.

Chachisanu, gawo lobwezeretsa magetsi limasuliridwe mwa ndondomeko yomweyo: zida zichotsedwe, zivundikiro zibwezeredwe, anthu awerengedwe ndi kuuzidwa, aliyense achotse loko wake yekha, ndipo buleka ikwezedwe pomaliza. Ngati mwini loko waweruka n'kuiwala, pepala litchule udindo wa munthu mmodzi amene angalole kuti lokoyo adulidwe, atatsimikiza kuti mwiniwakeyo sali pamalopo.

Pomaliza, perekani pepala la Chichewa kwa mmisiri amene sanaone la Chingerezi, achite zimene akuwerenga pa bolodi yodulidwa kale, inu mungoyang'ana osamuthandiza. Paliponse pamene waima kapena wafunsa, konzani chiganizocho. Injiniya akasainira, sindikizani zinenero ziwirizo moyang'anizana ndi manambala ofanana a mizere, mumate pulasitiki, n'kupachika pambali pa bolodi.