Polojekiti ya sayansi yochokera kukhitchini: dengu lophikira nyemba ndi makala ochepa

Ngati aphunzitsi akuuzani kuti mukonze polojekiti ya chionetsero cha sayansi, musathamangire kumanga galimoto ya mawaya kapena phiri lophulika. Yambani ndi chinthu chimene chikudya ndalama pakhomo panu. Kwina ndi tomato amene amaola asanathe masiku, kwina ndi anankafumbwe m'matumba a chimanga. Zonsezi zingayezedwe, koma zimafuna masabata angapo. Pano ndifotokoza imodzi yomwe mungaimalize msanga: kuchepetsa makala amene nyemba zimadya.

Aliyense amene anaphikapo nyemba zouma akudziwa kuti zimakhala pambaula maola ambiri. Komatu chimene chimapsetsa nyemba ndi kutentha kwa madzi, osati kubwadamuka kwake. Poto ikawira, makala ambiri amangopita pobwezeretsa kutentha komwe kukuthawa m'mbali komanso ndi nthunzi. Ndiye mukaiphula ili yowira n'kuikwirira m'dengu lofunda bwino, nyemba zimapitiriza kupsa popanda moto. Dengu lotere si lachilendo, ena amaligwiritsa kale ntchito. Chanu chatsopano chikhala funso ili: kodi chofundira chabwino ndi chiti mwa zinthu zopezeka kwathu kuno, ndipo chipulumutsa makala ochuluka bwanji? Oweruza sagoma ndi dengu lokongola, amagoma ndi manambala amene mwapeza nokha.

Poyamba, konzani dengu. Pezani dengu kapena katoni yaikulu moti potoyo ikalowa, patsale mpata wa masentimita pafupifupi 10 pansi, m'mbali ndi pamwamba. Thirani chofundira pansi, ikani poto yokulungidwa m'chitenje chakale pakati, kenako dzazani m'mbali monse mpaka pakhale chisa chogwira poto bwinobwino. Sokani kapilo kodzaza ndi chofundira chomwecho koti kazitseka pamwamba. Ambiri amalakwitsa pa kapilo kameneka, chonsecho mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndipo ndi komwe kutentha kumathawira kwambiri. Zofundira zoti muyerekeze zikhale zitatu basi: mankhusu a mpunga, utuchi wa kwa akalipentala, ndi nsanza kapena udzu wouma. Zonse zimagwira ntchito chifukwa zimatsekera mpweya m'timipata ting'onoting'ono, ndipo mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha msanga. Zikhale zouma gwa. Utuchi wachinyontho umayamwa kutentha m'malo mokusunga.

Musayambe ndi nyemba ayi, yambani ndi madzi. Wiritsani malita 2 m'poto ya chivundikiro chokwana bwino, yezani ndi choyezera kutentha cha ku labotale ya sukulu, vundikirani, ikani m'dengu mwachangu. Apa pali chimene chimasokoneza ophunzira ambiri. M'buku munawerenga kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma ku Lilongwe mupeza cha m'ma 96 kapena 97, ndipo ku Dedza atsikirapo pang'ono. Choyezera sichinawonongeke. Malo akakhala okwera, mpweya supanikiza madzi kwambiri, choncho amawira asanafike pa 100. Lembani zimene mwaona, ndipo mukafunsidwa mufotokoze chifukwa chake.

Mukamatsegulatsegula dengu ola lililonse kuti muyeze, ndinu amene mukuziziritsa madziwo. Ndi bwino kulisiya chitsekere maola 4, n'kuyeza kamodzi pamapeto. Chitani chimodzimodzi ndi chofundira chilichonse, poto yomweyo, madzi ofanana, malo omwewo opanda mphepo. Muwiritsenso poto ina n'kungoisiya patebulo osaifunda. Imeneyi ndi yoyerekezera, ndipo popanda iyo palibe angadziwe ngati dengu lanu lathandiza. Kuyesa kulikonse mukubwereze katatu, muphatikize zotsatira n'kugawa ndi 3. Chofundira chimene madzi ake atsala otentha kuposa onse ndicho mupite nacho ku gawo lachiwiri.

Tsopano nyemba. Gulani zonse kwa munthu mmodzi, m'thumba limodzi, chifukwa nyemba zakale zimachedwa kupsa kuposa zatsopano, ndipo mukasakaniza simudziwa ngati kusiyana kwabwera ndi dengu kapena ndi nyembazo. Yezani magalamu 500 kawiri, ndipo mbali zonse muziviike usiku wonse. Ngati mwaviika mbali imodzi yokha, mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi ndipo polojekiti yasokonekera.

Poto yoyamba iphikidwe pambaula mpaka kupsa, monga amachitira amayi masiku onse. Yachiwiri iwire mwamphamvu mphindi 20 mpaka 30, kenako ilowe m'dengu maola 3 kapena 4. Kuwiritsa koyambaku musakufupikitse. Nyemba zosawira mokwanira, makamaka zofiira, zili ndi chinthu chimene chimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo chimafa zikabwadamuka kwa mphindi zosachepera 10. Potoyo ikhale yodzaza pafupifupi kufika pakhosi, poti timadzi tochepa timazizira msanga. Mbaula ikhale panja kapena pamalo popita mphepo, chifukwa mpweya wa makala umapha m'nyumba yotseka.

Pa makala ndi pamene pafunika chidwi chenicheni. Yezani pasikelo makala onse musanayatse, ndipo ena mukawonjezera muwayezenso. Mukaphula poto, panani makala otsala n'kuwaika m'chitini chachitsulo, muchitseke kuti azime okha chifukwa chosowa mpweya. Musawathire madzi, amalemera ndipo manambala anu akhala abodza. Akazizira, sasani phulusa, yezani, chotserani pa oyamba aja.

Tiyerekeze kuti poto yoyamba yadya magalamu 900 ndipo yachiwiri 400. Kusiyana ndi 500. Gawani 500 ndi 900, chulukitsani ndi 100, mupeza kuti mwapulumutsa pafupifupi 56 pa 100 alionse. Awa ndi manambala ongosonyezera kawerengedwe, anu adzatengera mbaula, makala ndi nyemba zanu. Kenako funsani mtengo wa kajumbo ka makala pamsika wakwanu, kayezeni pasikelo, ndipo muwerengere ndalama zimene banja lophika nyemba kawiri pa sabata lingasunge pamwezi. Nambala imeneyo ndi imene makolo obwera kudzaona chionetsero adzaimve msanga.

Nanga mudziwa bwanji kuti zapsa mofanana? Tengani nyemba 20 m'poto iliyonse, finyani imodziimodzi ndi zala ziwiri, werengani zimene zaphwanyika mosavuta mpaka pakati. Muthanso kupatsa amayi kapena agogo mbale ziwiri osawauza kuti iyi yachokera kuti, anene okha imene yapsa bwino. Nyemba za m'dengu zikatuluka zolimba pakati, yang'anani kutentha kwake potsegula. Kukakhala kotsika kwambiri, vuto ndi kapilo, chivundikiro chosakwana kapena chofundira chopyapyala. Kukakhala kokwera ndithu, nyembazo ndi zakale kapena zimafuna nthawi yowonjezera.

Pa tchati chanu mulembenso zimene dengu silingathe, chifukwa oweruza amafunsa. Silingaphike nsima, silingakazinge, ndipo makala okazingira tomato ndi anyezi muyenera kuwawerengera mbali zonse ziwiri. Limafunanso kukonzekeratu: nyemba za nkhomaliro ziwire m'mamawa. Ndipo chakudya chikatsika pansi pa madigiri 60 n'kukhalitsa m'dengu, tizilombo toyambitsa matenda timayamba kuswana, choncho chiwiritsidwenso chisanadyedwe. Patsiku la chionetsero, bwerani ndi kope lomwe mumalembamo poyesa, ndi masiku ake, ngakhale lili ndi madontho a msuzi. Ngati aphunzitsi alola, ikani poto ya madzi owira m'dengu m'mawa, mudzalitsegule oweruza akafika patebulo panu, ayeze okha kutentha kwake.